Yogati wopanga kunyumba akatuluka wamadzimadzi: vuto limakhala pati, ndipo kutentha kumasintha chiyani?

Mu Okutobala chaka chatha mlamu wanga anafika kunyumba atanyamula kachidebe ka malita awiri kokutidwa ndi chitenje. Atavundukula anati, "Alamu, taonani. Ndatsatira zonse munandiuza zija, koma zatulukanso zamadzimadzi." Pamwamba panali madzi achikasu, owala ngati a mandimu, ndipo pansi pake panali chinthu choyera chimene chinali chitanyentchera n'kusiyana ndi m'mbali mwa chidebe. Nditalawa, kuwawasa kwake kunandigwira m'masaya, ndipo pa lilime pankamveka timibulu ngati phala la mgaiwa losatakasa bwino.

Ankati "zatulukanso" chifukwa mu Juni anali atayesapo, ndipo nthawi imeneyo mkaka unagona usiku wonse n'kudzuka uli mkaka womwewo, wongowawasira pang'ono. Poona kuti vuto la mu Juni linali kuzizira, ulendo uno anaika chidebecho pakhonde, padzuwa la masana, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka madzulo. Kwa iye zonse ziwiri zinali "yogati wamadzimadzi". Koma awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala a amodzi ndi amene amayambitsa enawo. Choncho musanasinthe chilichonse pa kapangidwe kanu, yambani mwadziwa kuti anu ndi ati.

Choyamba, pendeketsani botolo

Tengani botolo la yogati wanu, mulipendeketse pang'onopang'ono. Ngati zonse zikuyenderera pamodzi ngati mkaka kapena ngati phala la mwana wakhanda, zoyera thupi lonse, popanda madzi apaokha, ndiye kuti mkakawo sunagwirane n'komwe, kapena wagwirana mofooka. Apa muziganizira kuzizira, yogati woyambitsira amene anali wakufa, kapena mkaka wochepa mphamvu. Koma ngati pali chibuma choyera chimene chikusuntha chathunthu, ndipo madzi achikasu ali paokha pamwamba kapena m'mbali, mkakawo unagwirana ndithu, kenako n'kufinya madzi ake. Apa muziganizira kutentha kopitirira, nthawi yotalika, kapena kugwedezeka.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kudziwa kuti madziwo sachokera kwina. Mu lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe, pafupifupi magalamu 900 ndi madzi, ndipo mapuloteni ndi magalamu 33 okha kapena kuyandikira pamenepo. Yogati wolimba amene sipuni imaima chilili nayenso ali ndi madzi onsewa. Kusiyana kwake n'kwakuti timagalamu 33 tija talukana n'kukhala ngati chinkhupule chosaoneka ndi maso, ndipo madzi akhala m'timibowo take. Chinkhupule cha timibowo ting'onoting'ono chimasunga madzi. Cha mibowo ikuluikulu chimataya, ndipo chilichonse mukachifinya chimadontha.

Oluka chinkhupulechi ndi mabakiteriya a mitundu iwiri amene mayina awo mumawaona pa makapu ena a yogati, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus. Amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi. Pa muyezo wa asidi wotchedwa pH, mkaka watsopano umakhala pa 6.7, ndipo asidi akamachuluka nambala imeneyi imatsika. Ikamayandikira 5, puloteni yaikulu ya mumkaka, yotchedwa kesini, imayamba kumatana, ndipo pofika 4.6 kulukana kwatha. Mabakiteriya awiriwa amakonda kutentha kwa madigiri 40 mpaka 45. Apa ndiye pali kusiyana kwake ndi chambiko. Mabakiteriya a chambiko amagwira ntchito pa kutentha kwa m'nyumba, madigiri 20 mpaka 30, n'chifukwa chake chambiko umangousiya pakona n'kugwira wokha. Yogati mukamusiya choncho m'nyengo yachisanu, oluka aja amangogona.

Chachiwiri, mkaka ukhale ndi choti chilukidwe

Ngakhale mutasamala kutentha bwanji, mkaka wothiridwa madzi sungakupatseni yogati wolimba. Tiyerekeze kuti mu lita imene mwagula, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi. Mapuloteni atsika kuchoka pa magalamu 33 kufika pa 26. M'tiyi mwina simungazindikire, koma mu yogati zionekera, chifukwa ulusi wachepa pamene madzi oti ugwire achuluka. Ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, kumene alimi amaperekera mkaka pa magulu, mkaka umayezedwa ndi kachipangizo koyandama kotchedwa lakitomita, ndipo mkaka wabwinobwino umaonetsa pakati pa 1.028 ndi 1.034. Wa panjinga umene umafika pakhomo panu nthawi zambiri palibe amene wauyeza.

Ine ndinasiya kulimbana ndi kudziwa ngati mkaka wathiridwa madzi kapena ayi. Ndimangowonjezera mkaka waufa nthawi zonse: masipuni aakulu anayi kapena asanu osasenderera pa lita imodzi, amene ndi magalamu 30 mpaka 40. Magalamu 40 a mkaka waufa wa mafuta onse amawonjezera mapuloteni okwana magalamu 10, ndipo kusintha kwake mumakuona pa sipuni. Sungunulani ufawo mu kapu ya mkaka wozizira kaye, kenako muthire mupoto musanaike pamoto. Koma werengani paketi. Ufa woyera uja wothira mu tiyi, wopangidwa ndi mafuta a zomera, si mkaka waufa. Uli ndi mapuloteni ochepa kwambiri, ndipo sungathandize chilichonse pano. Ngati mukupanga yogati ndi mkaka waufa wokhawokha, gwiritsani ntchito magalamu 150 pa lita, kuposerako pang'ono muyezo wa mkaka wakumwa.

Mkaka wokhalitsa uja wolembedwa UHT umagwira, koma yogati wake amatuluka wofewerapo. Nawonso uwonjezereni ufa.

Chachitatu, phikani mkaka nthawi yokwanira

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, makamaka amene agula mkaka wa m'sitolo poganiza kuti ndi wophikaphika. Kuphika kuli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kupha tizilombo ta matenda, ndipo mkaka wochokera kukhola suyenera kuphonya zimenezi. Yachiwiri ndi imene ikukhudza kulimba. Kuwonjezera pa kesini, mumkaka muli mapuloteni ena amene amangoyandama m'madzi, ndipo mkaka ukaundana osaphikidwa amatuluka pamodzi ndi madziwo. Mukauphika mpaka madigiri 85 kapena kuposa, mapuloteni amenewa amafunyululuka n'kumamatira pa kesini, ndipo nawonso amakhala ulusi wa chinkhupule chija. Timibowo timachepa, madzi amagwidwa bwino.

Koma zimenezi zimafuna nthawi. Muyezo wake ndi mphindi 30 pa madigiri 85, kapena mphindi 5 mpaka 10 pa madigiri 90 mpaka 95. Kungowiritsa kamodzi, thovu likakwera n'kuphula, n'kothandiza koma sikukwanira. Ngati mulibe themomita, chitani motere. Tsukuluzani poto ndi madzi ozizira, muthire mkaka osapukuta, zimachepetsa kupserera. Ikani pa moto wochepa, pa mbaula yoti makala ayamba kuyera phulusa. Muzitakasa ndi sipuni yachitsulo mpaka pansi. Mukaona timathovu tikuzungulira m'mphepete mwa poto ndipo nthunzi ikufuka bwino, mwafika. Chepetsani moto, mkaka ukhale pomwepo ukunjenjemera osasefukira kwa mphindi 15 mpaka 20, poto ali wosavindikira. Madzi ena amauluka ndi nthunzi, ndipo nazonso n'zokomera inu.

Mthiko wa nsima usalowe mumkakawu. Mtengo umasunga zambiri m'ming'alu yake.

Chachinayi, ziziritsani n'kuthira choyambitsira

Ikani poto m'beseni la madzi ozizira, muzitakasa, mpaka mkaka utsike kufika pa madigiri 43. Popanda themomita, donthezani pang'ono pa dzanja chakumkono: uzimveka wofunda kuposa thupi koma osakuotchani, ngati madzi osambitsira khanda ofundirapo pang'ono. Ngati mukukayika, dikirani mphindi zina zitatu. Mkaka wozizirapo umangochedwetsa ntchito, koma wa madigiri 55 umapha mabakiteriya anu, ndipo mawa mudzapeza mkaka m'botolo.

Choyambitsira chikhale yogati wosatsekemera, wosathira zipatso, watsopano, wochokera mufuriji. Yogati wokhalitsa amene amakhala pa shelefu popanda furiji anatenthetsedwa atapangidwa kale, ndipo mulibe chamoyo. Chambiko nawonso si choyambitsira yogati, chifukwa mabakiteriya ake sakondwa ndi madigiri 43. Muyezo ndi masipuni aakulu awiri pa lita imodzi. Mlamu wanga ankathira kapu yathunthu pa malita awiri poganiza kuti zilimba kwambiri. Zimachitika n'zosiyana: asidi amabwera mothamanga, komanso timibulu ta yogati wakale tolukana kale timasokoneza kulukana kwatsopano. Sakanizani masipuniwo ndi mkaka wofunda pang'ono mu kapu mpaka zisalale, kenako muthire mupoto, mutakase kamodzi mokwanira, ndipo mugawe m'mabotolo a galasi a kukamwa kwakukulu amene mwawatsuka ndi madzi owira. Ndi bwino yogati agwirire m'botolo lomwe adzasungidwemo, kuti musadzamukhuthule akagwira.

Chachisanu, kutentha kwa pofungatira

Pano ndiye pagona nkhani. Tsiku limene mlamu wanga anabwera ndi kachidebe kaja, ndinamuuza kuti, "Alamu, bwerani Loweruka m'mawa, tidzaone ndi maso." Tinaphika malita atatu mupoto mmodzi, ufa womwewo, choyambitsira chomwecho, n'kugawa m'mabotolo atatu. Chosiyana chinali chimodzi chokha: madzi amene botolo lililonse linakhalamo. Loyamba tinaliika m'chidebe cha madzi a madigiri 47, ndipo tinkawonjezera madzi otentha kuti asatsike. Lachiwiri tinaliika m'kulabokosi ya madzi a madigiri 43. Lachitatu linalowa m'madzi a madigiri 36, ofanana ndi thupi la munthu.

Botolo loyamba linagwira pasanathe maola atatu ndi theka. Mlamu anasangalala, chifukwa linkaoneka lolimba zedi. Koma titaliunika pawindo, madzi achikasu anali atayamba kale kuoneka pamwamba, ngati thukuta. Lachiwiri linagwira patapita maola asanu, pamwamba pali see, posalala ngati mbale. Lachitatu pa maola asanu linali likadali mkaka, ndipo tinadikira mpaka usiku, maola khumi ndi kanthu, kuti ligwire. Ngakhale pamenepo linkanjenjemera ngati lofooka.

Mmawa wake, onse atagona mufuriji, tinapisa sipuni mu lililonse. M'botolo loyamba dzenje la sipuni linadzaza madzi tikuyang'ana, ndipo yogati wake ankaphwanyika timibulu, wowawasa molasa. M'lachiwiri sipuni inatuluka ndi chibuma chodulika bwino, ndipo m'dzenjemo munabwera timadzi pang'ono patapita nthawi. Lachitatu ndi limene linamudabwitsa. Lija linkanjenjemera lija linali litakhazikika, losalala pa lilime ngati kirimu, losawawasa kwambiri, ndipo dzenje la sipuni linakhala louma kwa nthawi yaitali kuposa ena onse.

Chifukwa chake n'chakuti kutentha kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kumafulumizitsa mabakiteriya, komanso kumachititsa kuti tizidutswa ta kesini tizikokana mwamphamvu. Pa madigiri 46 kapena 47, chinkhupule chikangoyamba kulukika, ulusi wake umapitiriza kukokana n'kusonkhana m'mitolo ikuluikulu, n'kusiya mibowo yaikulu pakati. Chimalimba msanga, koma chikudzifinya chokha, ndipo madzi amapeza njira. Pa madigiri 35 mpaka 38 asidi amabwera pang'onopang'ono, ulusi umalukana wowonda koma wothithikana, wa nthambi zambiri, ndipo suzikoka kwambiri. N'chifukwa chake kulimba kumene mumaona yogati akadali wofunda kumanamiza. Weruzani mawa lake.

Ndiye tinene kuti kuzizira n'kwabwino? Kuli ndi malire ake. Mukatsika pansi pa madigiri 32, mabakiteriya a yogati amachedwa kwambiri, ndipo mkaka wofunda umene ukuchedwa kuwawasa ndi munda wa tizilombo tina tosafunika. Asidi ndi amene amateteza yogati, ndipo akachedwa kufika chitetezo chimachedwanso. Komanso pa kutentha kotsika mitundu ina ya mabakiteriya imatulutsa zinthu zonanda, ndipo yogati amakoka ulusi pa sipuni ngati therere. Si woopsa akakhala kuti fungo lili bwino, koma ambiri samukonda. Kumtunda nako, mukadutsa madigiri 50 mabakiteriya amayamba kufooka, ndipo mungapeze zonse ziwiri: kugwira kosakwanira ndi madzi ochuluka.

Maganizo anga ndi akuti kunyumba musavutike n'kusunga nambala imodzi maola onse ngati kufakitale. Yambani pa madigiri 43, kuti mabakiteriya adzuke msanga n'kulanda malo, kenako lolani kutentha kutsike kokha pang'onopang'ono mpaka madigiri 37 kapena 38 pa maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Motero nthawi ya kulukana imafika kutentha kutatsikako, ndipo mumapeza zabwino za mbali zonse ziwiri. Kulabokosi yothira madzi ofunda imachita zimenezi yokha, popanda magetsi, choncho kuthima kwa magetsi sikukukhudzani.

Kakonzedwe ka madziwo n'kosavuta. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chifukwa cha kukwera kwa malo, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, osati 100. Ngati a pampopi ali pa madigiri 22, sakanizani jagi imodzi ya owira ndi majagi awiri a ozizira, ndipo mupeza madigiri 46 kapena 47. Mukathira m'kulabokosi yozizira n'kulowetsa mabotolo, amatsikira cha ku 44, ndiye pabwino pamenepo. Mu Juni ndi Julayi, madzi a pampopi akazizira kufika madigiri 18, muyezo womwewu umapereka 44, ndiye yambani mwatsukuluza bokosilo ndi madzi otentha, ndipo mukatseka mulifunditse bulangete. Koma mu Okutobala, madzi a muthanki yokhala padzuwa amatha kufika madigiri 28, ndipo muyezo wa imodzi kwa awiri upereka 50 kapena 51, zomwe n'zopitirira. Nthawi imeneyo ikani jagi imodzi ya owira kwa majagi atatu a ozizira, mupeze 45. Madziwo afike pamene pathera mkaka m'botolo, asafike pa chivindikiro.

Ngati m'nyumba muli themomita ya batire yoyezera thupi, ikhoza kukuthandizani pa madzi a m'bokosiwa. Zambiri zimawerenga kuyambira madigiri 32 mpaka pafupifupi 43, ndipo zikadutsa zimangoonetsa H. Ikaonetsa H, dikirani pang'ono kapena thirani kapu ya madzi ozizira. Musaiviike mumkaka wa pamoto, ndipo ya galasi ija musaiyandikize n'komwe ku chakudya.

Opanda kulabokosi angagwiritse ntchito chidebe cha chivindikiro chokutidwa ndi mabulangete awiri, chitakhala pa katoni kapena pa mphasa osati pa simenti, chifukwa simenti imayamwa kutentha kuchokera pansi. Lita imodzi yokha yokulunga mu chitenje, popanda madzi oizungulira, imazizira msanga usiku wa chiperoni, ndipo izi ndi zimene zinamuchitikira mlamu wanga mu Juni. Fulasiki ya chakudya imachita mosiyana: imasunga kutentha pafupi ndi pamene munathirira, choncho thirani pa madigiri 41 kapena 42, ndipo musapitirire maola asanu musanaone. Dzuwa, pamwamba pa uvuni wa buledi ndi pambali pa mbaula ndi malo amene sindimalimbikitsa. Mbali imodzi ya botolo imapsa pamene ina ikuzizira. Kwa anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene masana a Okutobala amafika madigiri 40, chipinda chamthunzi ndi chitenje chimodzi n'zokwanira, ndipo chofunika kwa iwo ndi kuyang'ana nthawi.

Chachisanu ndi chimodzi, musagwedeze, ndipo dziwani pochotsera

Kuyambira ola lachiwiri mpaka yogati atagwira, ulusi umene ukulukika ndi wosalimba, ndipo ukaduka sulumikizananso ngati poyamba. Kutsegula n'kupisa sipuni kuti muone, kunyamula bokosi kuchoka kukhitchini kupita kuchipinda, kuliika pamwamba pa furiji imene imanjenjemera ikamalira, zonsezi zimang'amba, ndipo pong'ambikapo ndi pamene pamatulukira madzi. Sankhani malo musanayambe, pakona poti ana sathamangapo. Ngati simungapirire osaona, thirani mkaka pang'ono m'kabotolo kakang'ono kapadera n'kukaika m'madzi momwemo, kakhale koyesera.

Pakatha maola anayi, tulutsani kabotolo koyesera mwakachetechete n'kukapendeketsa. Ngati pamwamba pakuyenderera, bwezerani, mudzaonenso pakatha ola limodzi. Ngati pangopendekeka pamodzi ndi botolo ngati chinthu chimodzi, ndipo fungo ndi la yogati, ntchito yatha. Mutha kusiya theka la ola lina ngati mumakonda wowawasirapo, koma osapitirira kwambiri. Mabakiteriya sadziwa kuti mwakhutira. Akakhalabe pofunda amapitiriza kutulutsa asidi, chibuma chimanyentchera n'kusiyana ndi galasi, ndipo madzi amatuluka. Mawu akuti "musiyeni usiku wonse" ndi oona pa madigiri 35 okha. Pa madigiri 45, usiku wonse ndi maola owirikiza kawiri kapena katatu pa amene amafunika. Chidebe cha mlamu wanga chinakumana ndi zonse zitatu: dzuwa la Okutobala, maola asanu ndi anayi, ndiponso kapu yathunthu ya choyambitsira.

Musanaike mufuriji, tsegulani chivindikiro mosamala n'kupukuta madontho a nthunzi amene ali kunsi kwake. Madzi amenewa ndi oyera mbee, osati achikasu, ndipo akagwera pamwamba anthu amaganiza kuti yogati wataya madzi pamene ndi nthunzi chabe. Kenako mabotolo alowe mufuriji osatakasa, akhalemo maola asanu ndi atatu kapena usiku wonse. Kuzizira kumaimitsa mabakiteriya, komanso kumalimbitsa chibuma kwambiri. Ngati magetsi azima panthawi yolakwika, imikani mabotolo m'beseni la madzi ozizira, muzisintha madziwo, kuti kutentha kutsike msanga. Popanda furiji n'komwe, pangani wochepa woti mudye tsiku lomwelo.

Dziwaninso kuti yogati wa m'sitolo nthawi zambiri amalimbitsidwa ndi zinthu monga sitachi kapena jelatini, ndipo zimalembedwa pa kapu. Wanu alibe zimenezi, choncho timadzi pang'ono m'dzenje la sipuni pa tsiku lachiwiri si vuto. Tsanulirani mu kapu kapena sakanizani m'mbale yanu podya.

Ngati zalakwika kale

Yogati amene wagwira koma wataya madzi ndi wosavuta kupulumutsa. Yalani kansalu koyera kowiritsa pa sefa, sefayo ikhale pa mbale, mukhuthulire yogatiyo, muvindikire n'kuika mufuriji. Pa maola awiri kapena atatu, lita imodzi imataya kapu imodzi ya madzi kapena kuposerapo. Chotsalacho chimenyeni ndi foloko mpaka timibulu tithe. Madzi achikasuwo musataye: ndi owawasa, ndipo akakumana ndi soda amatupitsa bwino chigumu ndi zitumbuwa. Kachidebe ka mlamu wanga tinakapulumutsa motero.

Amene sanagwire amafuna kusamala. Ngati papita maola asanu kapena asanu ndi limodzi, mkaka ukununkhira bwino, ndipo mwapeza kuti madzi a m'bokosi azizira, sinthani madziwo ndi ena a madigiri 44, mudikire maola ena atatu kapena anayi. Kawirikawiri umagwira, ngakhale mofewerapo. Koma ngati wakhala pofunda maola khumi kapena khumi ndi awiri osawawasa n'komwe, musaumwe ndipo musapatse ana, ngakhale mutauwiritsanso, chifukwa poizoni wa tizilombo tina satha ndi moto. Chimodzimodzi mukaona timathovu ta mpweya mkati, chivindikiro chitatupa, fungo la mowa, kapena chuku ndi mawanga ofiira pamwamba.

Pali vuto lina limene limasokoneza ngakhale odziwa: kutentha kunali bwino, choyambitsira chatsopano, koma mkaka wakana. Nthawi zambiri amakhala mankhwala. Ng'ombe ikabayidwa jekeseni ya maantibayotiki, monga pochiza matenda otupa bere, mankhwalawo amatulukira mumkaka kwa masiku angapo, ndipo masiku oyenera kudikira amalembedwa pa botolo la mankhwala. Kuwiritsa sikuwathetsa onse, ndipo mabakiteriya a yogati safuna ambiri kuti afooke. Njira yodziwira ndi iyi: ulendo wotsatira, pambali pa mabotolo anu, konzani kapu imodzi ya mkaka waufa wokhawokha, muthire choyambitsira chomwecho, muike m'bokosi lomwelo. Kapu ikagwira koma mabotolo ayi, vuto ndi mkaka, ndipo kalankhuleni ndi amene amakugulitsani. Zonse zikakana, vuto ndi choyambitsira kapena madzi a m'bokosi.

Choyambitsira chochokera mu yogati wanu chimagwira bwino ngati sichinapitirire sabata imodzi. Patulani masipuni awiri m'kabotolo koyera tsiku loyamba, anthu asanayambe kupisa masipuni awo. Pakadutsa maulendo anayi kapena asanu, mukaona kuti akuchedwa kugwira kapena kakomedwe kasintha, gulani kapu yatsopano.

Mlamu wanga tsopano amapanga malita awiri Lachisanu lililonse. Amathira masipuni asanu ndi atatu a mkaka waufa, amaphika mphindi 20 pa moto wochepa, choyambitsira masipuni anayi, ndipo mabotolo amalowa m'chidebe cha mabulangete awiri cha m'ma 2 koloko masana. Pofika 7 koloko madzulo amatulutsa kabotolo koyesera. M'miyezi yotentha amapeza kuti kagwira kale, koma mu Julayi amawonjezera jagi imodzi ya madzi ofunda, kuthirira m'mbali mwa chidebe kuti mabotolo asagwedezeke, n'kudikira mpaka 9 koloko.